Mabotolo asanu akukwana, bola azigwirizana

"Ndili ndi kashelefu kamodzi, ndipo ndalama zanga zingakwane mabotolo asanu basi. Ndigule ati kuti ndizipanga makokitelo ambiri? Anzanga akuti ndiyambe ndi vodika ndi timowa totsekemera tamitundumitundu."

Malangizo a anzanuwo andikhudza, chifukwa ndinakhalapo nyumba imodzi ndi munthu amene ankawatsatira. Shelefu yake inali yodzaza, botolo lobiriwira apa, la kokonati apo, la mapichesi pakona. Koma mlendo akabwera ankangoima n'kumakanda m'mutu, poti botolo lililonse linkapanga chakumwa chimodzi chokha. Zivindikiro zinafika pomata ndi shuga wouma, moti potsegula ankayamba wazithira madzi otentha. Ndalama zake zinkandimvetsa chisoni.

Ndiye ine ndimakanitsitsa: botolo losagwirizana ndi anzake awiri kapena atatu lisakwere pashelefu yaing'ono. Vodika sindidana naye, koma alibe kakomedwe kakekake, choncho adikire kaye.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene anthu amasungira vemuti. Vemuti ndi vinyo wothiramo zitsamba ndi mowa waukali pang'ono, ndipo mukangotsegula, mpweya umayamba kumuwononga. Ena amamusiya pashelefu chaka chathunthu, kenako n'kumati kokitelo siwakomera. Mudzadziwa kuti watha ntchito fungo la zitsamba likazilala, kukoma kwake n'kusukuluka, nthawi zina n'kumawawasa ngati viniga. Gulani botolo laling'ono, lizikhala mufiriji, ndipo lithe pasanadutse miyezi iwiri. Shuga wamadzi musagule n'komwe: sungunulani kapu imodzi ya shuga m'kapu imodzi ya madzi otentha. Mandimu azikhala ofinya pomwepo, chifukwa madzi ake a m'botolo amamveka kukalamba.

Tsono mugule chiyani?

Jini, wisiki wa ku Amereka, vemuti wofiira wotsekemera, Campari yemwe ndi mowa wofiira wowawa wa ku Italy, ndi kabotolo ka Angostura, kamowa kowawa ka zitsamba kamene mumangodonthezako.

Yambani ndi Negroni: mamililita 30 a jini, 30 a vemuti ndi 30 a Campari. Takasani ndi madzi oundana kwa masekondi pafupifupi 30, musakhutchumule, ndipo mufinyirepo khungu la lalanje. Akakuwawirani kwambiri, nthawi zambiri ndiye kuti simunatakase mokwanira. Mukachotsa jini n'kuikapo wisiki, mwapanga Boulevardier. Mukaikapo soda m'malo mwa jiniyo, ndi Americano, wopepuka. Mamililita 60 a wisiki, 30 a vemuti ndi Angostura wodontheza kawiri akupatsani Manhattan. Pa zowawasa, thirani 60 a jini kapena wisiki, 25 a madzi a mandimu ndi 20 a shuga wamadzi, ndipo izi zokha ndiye muzikhutchumula mwamphamvu. Muziyeza ndi kachikho koyezera, osati ndi maso, chifukwa zambiri mwa zakumwazi n'zaukali kuposa mmene zimamvekera m'kamwa. Malo akadzapezeka, botolo lachisanu ndi chimodzi lidzakhale ramu woyera.