"Ndimati ndingofunsako": mawu amene akuchedwetsa ndalama zanu

"Zikomo alembi. Ndine telala kuno ku Zomba. Ndinasoka mayunifomu 40 a sukulu ina yapulayiveti, pa K12,000 imodzi. Anandipatsa theka, K240,000 inatsala, ndipo patha miyezi iwiri. Ahedi ndinawalembera pa foni kuti: 'Mwaswera bwanji bwana. Pepani kukuvutitsani, ndimati ndingofunsako pang'ono za nkhani ija, kuti mwina kapena ngati kungatheke mungandiganizireko, poti zinthu zavutako pang'ono. Koma ngati simunakonzeke palibe vuto. Zikomo kwambiri, pepani.' Anangoyankha kuti 'Tiona mayi.' Mwana wanga akuti uthenga wanga ndi wofooka. Ndiulimbitse bwanji popanda kuoneka wamwano?"

Mayi, mwana wanuyo wanena zoona. Koma musathamangire kuchotsa ulemu, chifukwa si ulemu umene wafooketsa uthengawo. Mwasakaniza zinthu ziwiri zimene zimamveka ngati zofanana: mawu aulemu ndi mawu okayikira. Aulemuwo asiyeni momwemo. Okayikirawo ndi amene akupatsa ahedi mpata woti akuyankheni "tiona".

Yambani ndi kuyesa uthengawo motere. Yerekezani kuti foni ya ahedi ili m'manja mwa munthu wina wa mu ofesi yawo, amene sakudziwa chilichonse za inu. Atawerenga, kodi angadziwe kuti mukufuna chiyani, ndi ndalama zingati, ndipo mukuzifuna liti? Mu uthenga wanu mulibe liwu loti ndalama, mulibe yunifomu, mulibe nambala, mulibe tsiku. Muli "nkhani ija" basi. Ahedi a sukulu yapulayiveti ali ndi "nkhani zija" zambirimbiri: wogulitsa choko, wa nkhuni, aphunzitsi ofuna malipiro, makolo amene sanamalize fizi. Amene watchula nambala ndi tsiku amalowa pa mndandanda wa oyenera kulipidwa. Amene wati "nkhani ija" amadikira.

Tsono ulemu wa Chichewa umakhala pati? Umakhala pa moni wa poyamba. Umakhala pa kuwatchula "bwana" kapena "ahedi", pa "mu-" wa "mwaswera" ndi "munalonjeza", pa "-ni" wa "ndiuzeni", pa "chonde" mmodzi ndi "zikomo" wa kumapeto. Zonsezi mukhoza kuzisunga, uthenga n'kukhalabe wolimba, chifukwa palibe chimene chikuchepetsa ngongoleyo. Munthu sangakuneneni zamwano mutamupatsa moni, mutamutchula mwaulemu, n'kumuuza chilungamo.

Tiyeni tione tsopano timawu tinato. Chiganizo choti "ndimati ndingofunsako pang'ono" chili ndi zochepetsa zinayi zounjikana. "Ndimati" akukankhira pempho lanu m'mbuyo, ngati kuti munali ndi maganizowo kale koma mwina pano mwawasiya. Ka "-ngo-" kakunena kuti simukufuna china chilichonse koma kufunsa chabe, pamene inu mukufuna kulipidwa. Ka "-ko" kakuchepetsa kufunsako, "pang'ono" n'kudzachepetsanso chimene chachepa kale. Chilichonse mwa zinayizi pachokha n'chabwinobwino, ndipo tonse timalankhula choncho tikafika pakhomo pa munthu wamkulu. Vuto ndi kuunjika. Pomafika pa liwu lachinayi, owerenga amva kale kuti nkhaniyi ngakhale mwiniwake sakuiona ngati yaikulu.

"Mwina kapena ngati kungatheke" ndi zina. Awa sachepetsa, amakayikira. "Mwina" ndi liwu lonenera chinthu chimene simukuchidziwa, monga mvula ya mawa. Nanga inu mukukayika chiyani? Mayunifomu munapereka, mtengo munagwirizana, theka linatsala. Palibe chokayikitsa. Mukaika "mwina" pa chinthu chodziwika, mukuuza ahedi kuti kulipira kapena kusalipira zonse n'zotheka.

Koma liwu limene landidetsa nkhawa kwambiri ndi "mungandiganizireko". Timapempha kuti atiganizireko pamene tikufuna chinthu chimene si chathu: ganyu, malo a mwana pasukulu, thandizo pa maliro. K240,000 ija ndi yanu kale. Munagula nsalu, ulusi, mabatani ndi mazipi, n'kukhala pa makina masiku ambiri. Mukati "mundiganizireko", ngongole mwaisandutsa chifundo, ndipo chifundo munthu amachita akafuna. N'chimodzimodzi ndi kufotokoza kuti "zinthu zavutako". Ndikudziwa chifukwa chake timatero, timafuna mnzathuyo amve chisoni. Koma mukapereka mavuto anu ngati chifukwa choti akulipireni, nayenso atulutsa ake: makolo sanalipire fizi, teremu yangoyamba kumene. Zikatero mwayamba kupikisana kuti wovutika kwambiri ndani, ndipo mpikisano umenewo woyenera kulipirayo sagonja. Chifukwa chokwanira n'chakuti ntchito inagwiridwa ndipo tsiku lolipira linadutsa.

Za "ngati simunakonzeke palibe vuto" sindichulutsa. Munawalembera nokha yankho, iwo anangovomereza. "Pepani" awiri aja nawonso achoke, popeza palibe chimene mwalakwa.

Uthengawo ukhoza kukhala wotere. Masikuwa ndangoikapo, inu muike enieni:

"Mwaswera bwanji ahedi. Ndikukumbutsani za ndalama yotsala ya mayunifomu 40 amene ndinapereka pa 6 Januwale. Yonse inali K480,000, munalipira K240,000, yatsala K240,000. Chonde nditumizireni pofika Lachisanu pa 14 Malichi, pa Airtel Money, nambala ndi yomweyi. Ngati yonse siitheka tsiku limenelo, ndiuzeni lero kuti mutumiza zingati Lachisanulo ndi tsiku limene mudzamalize yotsalayo. Zikomo."

Werengani mokweza, muone ngati muli mwano. Moni ulimo, "chonde" alimo, "zikomo" alimo. Mneni wasintha: "ndikukumbutsani" walowa m'malo mwa "ndimati ndingofunsako", ndipo kukumbutsa kukusonyeza kuti nkhaniyi nonse mukuidziwa, munagwirizana kale. Onaninso kuti "ngati" sanachoke, koma wasintha ntchito. Poyamba ankatsegula khomo loti asalipire n'komwe. Tsopano akupereka njira ziwiri zokha, kulipira yonse kapena kulipira pang'onopang'ono pa masiku otchulidwa, ndipo njira zonsezo zikuthera pa inu kulandira ndalama. Munthu wamkulu safuna kupanikizidwa pakona, n'chifukwa chake ndi bwino kumusiyira posankha. Chofunika n'chakuti posankhapo pasakhale "ayi" waulere.

Musamve ngati ndikuti "mwina" ndi liwu loipa. Pali nthawi imene kulichotsa kumakhala kunama. Tinene kuti kasitomala wakufunsani kuti diresi lake litha liti, ndipo nsalu ya mkati simunaipeze. Mukati "litha Lachiwiri" pamene simukudziwa, mwalimbitsa uthenga koma mwadziikira msampha. Choyenera ndi kuika kukayikako pa chinthu chenicheni chimene chikukayikitsa, kamodzi kokha, n'kunena chifukwa: "Kusoka ndimaliza Lachiwiri. Nsalu ya mkati ndi imene sindinaipeze. Ikapanda kupezeka mawa, diresi lituluka Lachinayi." Apa kasitomala akudziwa chimene chili chotsimikizika ndi chimene chikudikira. Yerekezani ndi "mwina litha cha m'ma Lachiwiri kapena chapompo, tiona mmene zikhalire", pamene kukayika kwawazidwa pa chiganizo chonse ndipo womvera sakudziwa kuti agwire pati. Ndiye musanafufute "mwina", "kapena", "ndikuganiza kuti" kapena "zikuoneka ngati", dzifunseni kuti: chimene sindikuchidziwa apa n'chiyani? Mukachipeza, chitchuleni. Mukapanda kuchipeza, liwulo lalowa chifukwa cha mantha, lichotseni.

Pali gulu lina la mawu amene sachepetsa kapena kukayikira, amangodzaza malo. Awa amachuluka mu mauthenga a mawu amene timajambula pa WhatsApp: "ndiye kuti", "eti", "ujeni", "kwenikweni", "mwaona", "basi". Pakamwa amatipatsa nthawi yoganiza liwu lotsatira, ndipo pocheza palibe amene amawawerenga. Koma uthenga wa mphindi zitatu umene nambala yake ikubwera kumapeto, munthu wotanganidwa saumaliza. Nkhani ya ndalama ilembeni, musaijambule. Zolemba zimakhalanso umboni wosavuta kuonetsa tsiku lina mukadzafuna kukumbutsa zimene munagwirizana. "Kunena zoona" ndi "kunena mosabisa" samalani nawo mwapadera, chifukwa amachititsa womvera kudabwa kuti nanga zina zija zinali zotani.

Anthu ena akauzidwa kuti uthenga wawo ndi wofooka amalumphira mbali inayo. Amadzaza "ndithu ndithu", "mwamsangamsanga", "nthawi yomweyo", zilembo zazikuluzikulu ndi zizindikiro zofuula zisanu. Izinso n'zodzaza malo, zangovala ukali. "Mwamsanga" si tsiku. Kwa inu ndi mawa, kwa ahedi ndi kumapeto kwa teremu. "Lachisanu pa 14" ndi lolimba kuposa "mwamsangamsanga" atatu, ndipo silikwiyitsa munthu.

Njira yochotsera ndi yosavuta. Lembani kaye uthengawo mmene mtima ukufunira, ndi "pepani" wake yense, koma osatumiza. Kenako pezani chiganizo chimodzi chimene chikunena chimene mukufuna kuti munthuyo achite, muone ngati chili ndi nambala ndi tsiku, ndipo chikwereni pafupi ndi moni. Mukatero yendani liwu ndi liwu: lililonse limene mungalichotse tanthauzo osasintha, lichoke. Pa zofewetsa monga "chonde", "-ko" ndi "-ngo-", siyani chimodzi pa pempho limodzi. Kwa ahedi ine ndingasiye "chonde".

Chatsala ndi "Tiona mayi" uja. Nayenso ndi liwu lozemba, lochokera mbali yawo: silikutchula woona, choonedwa, kapena tsiku. Mukatumiza uthenga watsopanowu akhoza kuyankhanso chimodzimodzi, kapena "tiyesetsa", kapena "zikukonzedwa", amene sanena n'komwe kuti akukonza ndani. Musakwiye, ndipo musayankhe kuti "chabwino bwana" n'kukhala chete, chifukwa pamenepo mwavomera. Bwezani funso limene yankho lake ndi tsiku kapena dzina: "Zikomo ahedi. Ndiyembekezere Lachisanu lomweli kapena Lolemba pa 17?" Akati nkhaniyo ili kwa osunga ndalama kapena kwa eni sukulu, funsani kuti muonane ndi ndani ndipo tsiku liti, kenako pitani ndi pepala losonyeza mayunifomu 40, mtengo wake, zimene analipira ndi zotsala. Akatchula tsiku pakamwa, pobwerera kunyumba alembereni uthenga wachidule wobwereza tsikulo ndi ndalamayo, kuti mawuwo akhale pa foni zanu nonse awiri.