Andiuza kuti ndapeza ntchito, koma akufuna K25,000 lero

"Abale ndithandizeni. Ndili ku Salima. Ndalandira uthenga pa WhatsApp woti ndasankhidwa kukhala kalaliki wa sitolo ku bungwe lina lothandiza alimi. Akuti nditumize K25,000 ya kuchipatala ndi yunifolomu isanakwane 4 koloko, komanso nambala ya akaunti ndi chithunzi cha chiphaso changa. Kodi nzoona?"

Achemwali, musatumize kanthu. Choyamba dzifunseni: kodi ntchitoyi munafunsirapo? Ngati munafunsira, adakuitanani ku intaviyu? Ntchito yeniyeni imayenda mwa dongosolo lake. Amalengeza, mumalemba kalata, amakuitanani kukakufunsani mafunso, kenako amakupatsani kalata yolembedwa ntchito yotchula udindo, malipiro ndi tsiku loyamba. Munthu sasankhidwa asanaonedwe nkhope. Ndipo mu zonsezi palibe pomwe inu mumalipira wolemba ntchito. Zilipo zina zomwe mungawonongerepo ndalama, monga kalata ya kupolisi kapena kupimidwa kuchipatala, koma ndalama zimenezo mumakalipira nokha ku ofesi yake, nkulandira lisiti. Sizidutsa pa foni ya munthu.

Mphwanga zinamuchitikira chaka chatha, ndipo mpaka pano zimandiwawa chifukwa ndalamazo anachita kukongola. Anamuuza kuti wapeza ntchito yoyendetsa galimoto, atumize K15,000 ya fomu. Anatumiza. Mawa lake anati pakufunika K30,000 ya maphunziro a masiku atatu, anatumizanso. Umu ndi momwe akuba otere amachitira: amayamba ndi yochepa, podziwa kuti ukalipira kamodzi umaopa kutaya yoyambayo, ndiye umangopitiriza. Chomwe mphwangayo sanachilabadire nchakuti uthenga wotsimikiza wa Airtel Money unkaonetsa dzina la munthu wamba, losiyananso ndi la "bwana" yemwe ankalankhula naye. Atafunsa, anamuyankha kuti ndi nambala ya wowerengera ndalama za ofesi. Bungwe silitolera ndalama pa nambala ya munthu, kaya ndi Airtel Money kaya Mpamba. Tsiku lachitatu anapita komwe anamuuza kuti kuli maphunziro, alonda a pageti nkumuuza kuti ndi wachinayi kubwera ndi nkhani yomweyo. Foni ija inali itazima kale.

Za akaunti ndifotokoze bwino, chifukwa apa ambiri timasokoneza. Wolemba ntchito weniweni amafunadi nambala ya akaunti kuti azikulipirirani, koma amaifuna mutasaina kale kalata ya ntchito, ndipo mumalemba pa fomu ku ofesi. Dzina la banki, nthambi, dzina lanu ndi nambala ya akaunti, basi. Kuti munthu akuikireni ndalama safuna china choposa pamenepa. PIN, nambala zonse za pa khadi la ATM, kapena kanambala kobwera pa SMS kotchedwa OTP, izi ndi zotulutsira ndalama. Akadzanena kuti "tikutumizirani nambala pa foni, mutiwerengere kuti tikulowetseni m'kaundula wa malipiro", dziwani kuti nthawi yomweyo akuyesa kulowa mu akaunti yanu, kapenanso kulanda WhatsApp yanu kuti azipempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Chiphaso cha unzika nachonso musachitumize mwachisawawa, popeza chili ndi nambala yanu ndi tsiku lobadwa, zomwe angagwiritse ntchito podzionetsa ngati ndinu.

Musanyengeke ndi chizindikiro cha bungwe pa chithunzi cha WhatsApp kapena kalata yokhala ndi chidindo. Zimenezo aliyense akhoza kukopera pa intaneti. Ngati anakupatsani imelo, onani zomwe zili kumanja kwa @. Mabungwe akuluakulu amakhala ndi dzina lawo pamenepo, osati gmail.com. Komabe ichi chokha si umboni, chifukwa timabizinesi tating'ono tambiri timagwiritsadi ntchito Gmail, ndipo akuba ena amangosintha chilembo chimodzi m'dzina la bungwe.

Chotsimikizira chenicheni ndi kufunsa eni ake kudzera njira yomwe mwaipeza nokha. Nambala yomwe ili mu uthengawo musaiyimbire, adzayankha ndi omwewo. Poti muli ku Salima konko, ngati bungwelo lili ndi ofesi, kwerani kabaza mukafunse wa zolemba anthu ntchito ngati ntchitoyo inalengezedwa komanso ngati munthuyo amamudziwa. Ngati ofesi yawo ili ku Lilongwe, pezani nambala pa tsamba lawo lenileni kapena pa chilengezo cha mu nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times. Ku ofesi ya zantchito ya boma la Salima mukhozanso kukafunsa. Za 4 koloko zija akuikirani dala kuti musapeze mpata wochita zimenezi.

Ngati mwatumizako kale kena, imbirani kampani ya foni kapena banki yanu pompano, ndalama zisanatapidwe kwa ejenti, ndipo sinthani PIN. Mauthengawo musafufute. Jambulani zonse, nambala yawo ndi nambala ya malipiro yomwe ili mu SMS, mupite nazo kupolisi.