Ndizidula pati pa zithunzi za anthu awiri akukambirana?

"Kanema wanga wamfupi ali ndi chigawo cha anthu awiri akukangana. Ndimadula aliyense akamaliza kulankhula, koma anzanga akuti zikuwodzeretsa. Ndikulakwitsa pati?"

Musamadule pothera mawu, achimwene. Muzipita pankhope ya womvera wolankhulayo asanamalize, mawu ake azipitirira pansi pa chithunzi chatsopanocho. Izi zimatchedwa L-cut. Mawu a woyankha akayamba kumveka nkhope yake isanaoneke, imeneyo ndi J-cut.

Mukadula mawu ndi chithunzi pamodzi nthawi zonse, woonera amadziwiratu podulira, maso amatopa. Masulani mawu pa chithunzi, kenako sunthani podulira chithunzi chokha ndi mafulemu 8 mpaka 12. Pa mafulemu 24 pasekondi, 12 ndi theka la sekondi. Mwachitsanzo mkazi akuuza mwamuna kuti "ndalama zija ndinatenga ndine". Dulani atangoti "ndinatenga", kuti "ndine" atipeze tikuyang'ana mwamunayo, ndipo mukhalepo masekondi awiri asanayankhe. Mkangano ukamakula fupikitsani zidutswa, koma kachetechete ameneyu musamukhudze.

Zosungunula chithunzi, zija zoti chithunzi china chizizimiririka pang'onopang'ono china chikulowa, zisiyeni, zimauza woonera kuti papita nthawi. Ngati phokoso la m'chipinda likudumpha podulira paliponse ngakhale mwalumikiza mawuwo ndi mafulemu awiri, pitani kwa katswiri wosakaniza mawu.