VAT pa bedi limodzi, kuchokera kwa wocheka matabwa kufika kwa wogula

Funso: "Ndili ndi shopu ya mipando pa Mangochi boma. Kalipentala akandigulitsa bedi amaikapo VAT, nane ndikagulitsa ndimaikanso. Kodi boma silikudya kawiri pa bedi lomweli?"

Achimwene, silikudya kawiri, bola aliyense amene bedilo ladutsa m'manja mwake akhale wolembetsa VAT ku MRA. Tiwerengere ndi 16.5 peresenti, mlingo umene unagwira ntchito zaka zambiri m'mbuyomu. Ngakhale mlingo usinthe, kawerengedwe kake ndi komweko.

Wocheka matabwa wagulitsa matabwa a K100,000 kwa kalipentala. Aikapo K16,500, kalipentala alipira K116,500. Tingoti wochekayo sanagule chilichonse cha VAT, ndiye K16,500 yonseyo apereka ku MRA.

Kalipentala akhoma bedi, akugulitsani K240,000, VAT yake K39,600. Apa mpomwe anthu ambiri amasokonezeka. Iye sapereka K39,600 yonse ku MRA, amayamba wachotsa K16,500 imene analipira pa matabwa ija, n'kupereka K23,100. Taonani bwino: K23,100 ndi 16.5 peresenti ya K140,000, yomwe ndi mtengo umene manja ake awonjezera pa matabwawo. Matabwa aja sanakhomeredwenso msonkho.

Inu mugulitsa bedilo K300,000, VAT K49,500, wogula atulutsa K349,500. Muchotsapo K39,600 imene munalipira kwa kalipentala, mupereka K9,900 yokha, msonkho wa K60,000 imene mwaikapo inuyo.

Phatikizani K16,500, K23,100 ndi K9,900, mupeza K49,500, ndendende ndalama imene watulutsa wogula womaliza. Msonkhowo ndi wake, atatu inu mwangoutolera boma pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti VAT imene mwatolera musaiwerengere ngati phindu kapena kupikulira katundu wina. Tsiku la 25 la mwezi wotsatira likafika, fomu ya mweziwo ndi ndalamayo zimafunika, ndipo kuchedwa kuli ndi chilango. Wogulayo akakhala mwini loji ku Cape Maclear wolembetsa VAT, nayenso achotsa K49,500 ija pa VAT imene amatolera kwa alendo ogona m'zipinda zake.

Nkhawa yanu imakhala yoona pamene wina wapakati sanalembetse. Tiyeni titi kalipentala ndi wamng'ono, sanafike mlingo wokakamizidwa kulembetsa. Saloledwa kuika VAT, komanso K16,500 ya pa matabwa alibe kokaichotsa, ndiye amaikwirira mu mtengo. Kuti apeze K140,000 yake ija, akugulitsani K256,500. Poyamba mudzaona ngati mwapeza chotchipa, poti kwa wolembetsa mukadatulutsa K279,600. Koma mulibe choti muchotse. Mukaikapo K60,000 yanu bedi lifika K316,500, VAT yake pafupifupi K52,200, wogula alipira pafupifupi K368,700. Bedi lomwelo lakwera ndi ndalama zoposa K19,000, chifukwa matabwa akhomeredwa kawiri, ndipo msonkho woyamba uja nawonso wakhomeredwa msonkho.

Zimachitikanso chimodzimodzi kalipentala ali wolembetsa koma wakupatsani kapepala kolemba pamanja kopanda TPIN, nambala yake ya msonkho, komanso kosaonetsa VAT payokha. MRA ikabwera kudzaona mabuku imakana K39,600 ija, n'kukuuzani kuti mupereke K49,500 yonse. Funani risiti yovomerezeka ya pa makina a msonkho nthawi iliyonse, ndipo muijambule kapena kuifotokope, chifukwa ndi kutentha kwathu kwa kunyanja kuno zolemba za pa timapepala timeneti sizichedwa kufufutika. Munthu wosalembetsa akakulipiritsani VAT, akuphwanya lamulo, ndipo ndalamayo simudzaichotsa.

Pali cholakwika china cha pa kauntala. Mtengo ukakhala kuti VAT ili kale mkati, monga K349,500, musatenge 16.5 peresenti ya ndalama yonseyo, mupeza K57,667 n'kudzibera nokha. Chulukitsani ndi 16.5, mugawe ndi 116.5, itsika K49,500.

Mwezi umene mwapikula mabedi ambiri koma malonda sanayende, VAT imene mwalipira imaposa imene mwatolera. Yotsalayo siitayika, imasungidwa kuti mudzaichotse mwezi wotsatira. Koma mungochotsa za bizinesi zokha: bedi limene mwatengera kunyumba kwanu sililowa m'gulu limeneli.

Musasokonezenso katundu wa ziro peresenti ndi wosakhudzidwa ndi VAT. Wogulitsa katundu kunja kwa dziko, mwachitsanzo wotulutsa mipando kudzera pa Chiponde kupita ku Mozambique ali ndi mapepala a kasitomu, amaika ziro koma VAT ya matabwa amaichotsabe. Sukulu kapena chipatala, ntchito zawo sizikhudzidwa ndi VAT, ndiye zikagula bedi lanu K49,500 ija imathera pa izo ngati wogula wamba.