Ndinawalembera abwana "hi", kodi ndinalakwa?

"Ndangoyamba ntchito mwezi wathawu. Lolemba ndinawalembera abwana pa WhatsApp kuti 'hi, ndichedwa pang'ono lero.' Anangoyankha kuti 'Mwadzuka bwanji?' basi, za kuchedwazo osanenapo kanthu. Koma anzanga muofesimu amawauza bho iwo nkumaseka. Ndinalakwa pati?"

Achimwene, "Mwadzuka bwanji" ameneyo sikuti amafuna kudziwa mmene mwagonera ayi, amakukonzani mwaulemu. Munthu wamkulu akakuyankhani ndi moni wathunthu pamene inu mwamuponyera wachidule ndiye kuti akukuonetsani moni umene amayembekezera. Ena amangofunsa kuti "ndinu ndani?" chonsecho nambala yanu ali nayo, ena amawerenga nkungosiya osayankha. Anu aja anakuchitirani chifundo.

Tsono za anzanuwo. Bho uja sanayambe naye tsiku loyamba, ndikukutsimikizirani. Agwira nawo ntchito nthawi yaitali, asekapo limodzi, akalipiridwapo, ndipo tsiku lina abwanawo ndi amene anayamba kunena kuti "bho bho anyamata?" Nkhani yagona pamenepo, amene amatsegula khomo la moni wachibwanzi ndi wamkulu osati wamng'ono. Inu mwezi umodzi wokha mwalowa kale kuchipinda musanauzidwe kuti lowani, ndiye kwa iwo sizikumveka ngati kumasuka, zikumveka ngati mwadziika pa msinkhu umodzi ndi iwo.

China chomwe anthu ambiri sachiona nchakuti "hi" alibe iwe alibe inu. Mukati "uli bwanji" mwasankha kuti uyu ndi mnzanga kapena mwana, mukati "muli bwanji" mwapereka ulemu, ena mpaka amafika pa "ali bwanji" kwa munthu yemwe ali pamaso pawo pomwepo chifukwa cha ulemu womwewo. Koma "hi" ndi yemweyo kwa mwana wa zaka 5 ndi kwa gogo, ndiye wolandirayo amadziwerengera yekha, ndipo pa foni palibe nkhope palibe mawu otsika oti akuthandizeni. Pamasom'pamaso mutha kuponya bho mukumwetulira mutaima bwinobwino zinthu nkuyenda, pa meseji amangoona zilembo ziwiri zouma gwa.

Ndipo taonani meseji yanu ija. Munali kupepesa ndi kupempha nthawi imodzi, kuchedwa ndi mlandu ndithu ngakhale waung'ono. Wopempha sadumpha moni. Komanso simunanene chifukwa, simunanene nthawi, mwangowadziwitsa ngati kuti ofesi ndi yanu. Ine ndikanalemba chonchi: "Mwadzuka bwanji bwana? Pepani ndichedwa lero, ndili kuchipatala ndi mwana, ndifika cha m'ma 9 koloko." Moni, pepani, chifukwa, nthawi, zonse mu meseji imodzi. Chonde musachite zija zotumiza "hi" payekha nkumadikira kuti ayankhe ndiye munene nkhani, zimenezo zimatopetsa kwambiri chifukwa mwawapatsa ntchito yokufunsani kuti mukufuna chani pamene wofuna ndinu.

Ngakhale tsiku limene adzakutsegulireni khomolo, dziwani kuti silikhala lotsegula paliponse. Ine ndinaonapo mnyamata wina yemwe ankagwirizana kwambiri ndi abwana ake, amaitanana mayina ocheza, tsiku lina analowa mu mitingi muli alendo nkuti "bho akulu!" mokweza. Abwanawo sanayankhe, anangoyang'ana pa mapepala awo, alendo aja nkuyang'anana. Potuluka anamuitanira pambali. Liwu lomwelo lomwe amaseka nalo m'kholido linawatsitsa pamaso pa anthu omwe amafunika kuwaona ngati mtsogoleri. Gulupu ya WhatsApp ya kuntchito ndi chimodzimodzi, anthu 40 akuwerenga, si malo a shapu shapu.

Pena vuto si udindo konse koma zimene munthuyo akudutsamo. Mnzanu weniweni wa pamtima akaferedwa kapena akagonekedwa m'chipatala simungamuyambe ndi "zikuyenda?", zimamveka ngati simunamve kapena mulibe nazo ntchito. Pamenepo ndi "pepani, mwadzuka bwanji" mofatsa, kwa wodwala "mukupeza bwanji".

Kupitirira muyeso nakonso kulipo, mnzanu wa tsiku ndi tsiku mukamuyamba mwadzidzidzi ndi "muli bwanji bambo" adzakufunsani kuti ndakulakwira chani. Koma kulakwitsa kwa mbali iyi nkotchipa, amangoseka nkukuuzani kuti aaa masukani.

Za Lolemba zija musalembe kalata yaitali yopepesa, mungokulitsa kanthu kakang'ono. Mawa mukakumana nawo imani kaye, musapereke moni mukuyenda kapena maso ali pa foni, nenani kuti "Mwadzuka bwanji bwana, pepani meseji ija ndinalemba mothamanga." Masana ndi "mwaswera bwanji". Pitirizani choncho, ndipo akadzakuponyerani bho iwo eni muyankhe bho, koma "bwana" ndi "inu" musazisiye mpaka atakuuzani okha kuti zisiyeni.