Timakalata tichepe mawu, buku lichedwe kubwera

"Anzanga, ndikulemba nkhani yaifupi ya ophunzira awiri a pa yunivesite ku Thyolo amene amasiyirana timakalata m'mabuku a mulaibulale. Koma ndikaiwerenga ikumveka ngati akungocheza pa foni. Ndiikonze bwanji?"

Achemwali, ndikuganiza kuti anthu anuwo akumvana msanga. Kakalata ka m'buku kamayenda pang'onopang'ono. Wina akabwereka bukulo, yankho limagona m'chikwama mwake mpaka tsiku lobweza, ndipo wodikirayo amangopeza mpata pa shelefu. Kudikira kumeneko ndiye mtima wa nkhani yanu, musakudumphe.

Ngati mwaiika pa MUST, ku Ndata kuja, kumbukirani kuti sukuluyi inatsegulidwa mu 2014, foni zili kale m'manja mwa ophunzira ambiri. Wowerenga adzafunsa kuti bwanji osangopatsana nambala. Yankho lake n'lakuti kakalata koyamba kasakhale kolembera munthu wina aliyense. Mnyamata alembe kuseri kwa lisiti ya shopu, "Tsamba 212, apa ndagonja," n'kuiiwala m'buku la masamu. Mtsikana aipeze, asove samuyo ndi pensulo pansi pake, osalemba dzina. Sadziwana, ndiye palibe nambala yopempha.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Pezani mawu amodzi amene awiriwa angawamve mosiyana. Ine ndingatenge "masamba". Mu Meyi mnyamata alembe mawu awiri okha: "Masamba atha." Mtsikanayo, tinene kuti kwawo ndi ku Kasungu kwa fodya, aganize kuti akunena masamba a bukulo, ayankhe mosangalala kuti asamukire m'buku lina, mpaka kulemba nambala ya pamsana pake. Koma mnyamatayo, mwana wa ku Thyolo konkuno, akudziwa kuti mvula ikasiya tiyi amaphuka pang'ono, otchola aganyu ambiri amaimitsidwa ku esiteti, ndipo mayi ake ndi mmodzi wa iwo. Akunena za fizi. Musafotokoze zimenezi. Mtsikanayo adikire yankho m'buku latsopanolo sabata zitatu, chiperoni chikuwaza pa windo, iye akutsegula tsamba ndi tsamba. Adzazindikire yekha ali mu minibasi yopita ku Limbe, akumva amayi awiri akudandaula kuti masamba atha, ntchito kulibe. Pamenepo wowerenga mtima udzamugunda limodzi naye.

Timakalata tisapitirire tisanu ndi kamodzi, ndipo kalikonse kasadutse mizere iwiri. Zina zinenedwe ndi pepalalo: lisiti ya sopo ndi mchere, inki ya bolopeni imene ikuzilala mwezi ndi mwezi.

Mukamaliza, koperani timakalatato patokha mupatse mnzanu amene sanawerenge nkhaniyo. Akakuuzani zonse zimene zikuchitika, ndiye kuti mwaulula kwambiri, fufutani mzere wachiwiri wa kalikonse muyesenso. Akati sakutolapo kanthu ngakhale atawerenga nkhani yonse, bwererani ku minibasi kuja, muwapatse amayi aja mawu ena awiri atatu.