Njinga za kabaza kapena chigayo: masamu awiri akamatsutsana, mumvere ati?

Mayi ena a ku Chinsapo andilembera motere:

"Ndalandira K6,000,000 ya penshoni. Ndikufuna kugula njinga zamoto ziwiri za kabaza, kapena kuika chigayo chaching'ono pamalo a lendi. Mchimwene wanga akuti njinga, chifukwa mpamba ubwerera msanga. Mwana wanga wa ku koleji waika manambala mu kompyuta ndipo akuti chigayo, chifukwa IRR yake ndi yaikulu. Manambala ndakutumizirani. Ndimvere ndani?"

Mayi, onse awiriwo sanalakwitse masamu. Aliyense akuyankha funso lake. Achimwene anu akufunsa kuti ndalama yanu ikhala panja kwa nthawi yaitali bwanji isanabwerere m'manja. Mwana wanu akufunsa kuti kwacha iliyonse imene mwaikamo ikubereka zingati pachaka, kuwerengera moyo wonse wa bizinesiyo, ndipo yankho la funso limeneli ndiye IRR. Tiyeni tiyende nawo manambala anu omwewo.

Panjinga mwalemba kuti mukachotsa zokonzetsa, matayala, oilo ndi inshuwalansi, chaka choyamba mutsala ndi K4,000,000, chachiwiri K2,800,000, chachitatu K1,200,000, kenako mugulitsa njingazo zitatopa pa K800,000, ndiye chaka chachitatucho chikwana K2,000,000. Kutsika kumeneku ndikukukhulupirira. Njinga yoyenda tsiku lonse m'misewu yafumbi ya ku Chinsapo ndi ku Mtandire ikafika chaka chachiwiri imayamba kugona kwa makaniko, ndipo tsiku limene yagona mnyamata sabweretsa kanthu.

Pachigayo mwalemba K1,500,000 chaka choyamba, K2,500,000 chachiwiri, K3,000,000 chachitatu, chimodzimodzi chachinayi ndi chachisanu, ndipo makinawo mukuti angagulidwe K1,500,000 pamapeto. Chaka chachisanu ndiye chikwana K4,500,000.

Kuwerengera kwa achimwene anu n'kosavuta. Njinga zikamaliza chaka choyamba, pa mpamba uja patsala K2,000,000. Chaka chachiwiri chimabweretsa pafupifupi K233,000 pamwezi, choncho mpata umenewu utsekeka pa miyezi isanu ndi inayi. Mpamba wabwerera pa miyezi 21. Chigayo chikamaliza zaka ziwiri chabweza K4,000,000, patsalanso K2,000,000, ndipo pa K250,000 pamwezi zifunika miyezi isanu ndi itatu. Imeneyo ndi miyezi 32. Njinga zapambana ndi pafupifupi chaka chathunthu. Miyezi ya chigayoyi musaitenge ngati yeniyeni ndendende, chifukwa chigayo sichilandira mofanana mwezi ndi mwezi: anthu akakolola pamakhala mzere wa mabeseni mpaka panja, koma mu Januwale ndi Febuluwale ambiri amabwera ndi kachimanga ka m'jumbo.

Vuto la kuwerengera kumeneku ndi loti kumasiya kuona tsiku limene mpamba wabwerera. Pambuyo pa tsikulo njinga zikupatsani K2,800,000 yokha, basi zatha. Chigayo chikupatsani K8,500,000. Achimwene anu ndalama imeneyi sakuiwerengera n'komwe.

Koma simungangophatikiza zonse n'kunena kuti K14,500,000 yaposa K8,800,000, chifukwa K3,000,000 imene mudzalandire chaka chachinayi si yofanana ndi K3,000,000 ya lero. Apa ndi pamene IRR imagwira ntchito. Ganizirani kuti bizinesiyo ndi munthu amene mwamubwereka K6,000,000, ndipo akukubwezerani pang'onopang'ono monga mwa manambala aja. IRR ndi chiwongoladzanja cha pachaka chimene munthuyo akukupatsani pa ndalama imene ikadali m'manja mwake.

Mungathe kutsimikiza nokha ndi kakyuleta ya pafoni. Tiyese 25 peresenti panjinga. Ndalama ya chaka choyamba muigawe ndi 1.25 kamodzi, ya chaka chachiwiri kawiri, ya chaka chachitatu katatu. K4,000,000 isanduka K3,200,000. K2,800,000 isanduka K1,792,000. K2,000,000 isanduka K1,024,000. Zonse pamodzi ndi K6,016,000, kungodutsa mpamba wanu pang'ono. Nambala imene imachititsa kuti ndalama zobwera zifanane ndi mpamba ndiye IRR, choncho ya njinga ndi 25 peresenti. Mukachita zomwezo pachigayo, nambala imene ikwanira ndi pafupifupi 32. Mu Excel mwana wanu analemba mpamba ndi chizindikiro chochotsera mu A1, ndalama za zaka zisanu m'munsi mwake, kenako:

```
=IRR(A1:A6)
```

Ndiye 32 kwa 25. Ndisanavomereze kuti chigayo chapambana, pali funso limodzi limene ndikufuna mufunse mwana wanu, ndipo ndi lofunika kuposa zonse zimene ndalemba pamwambapa. Ndalama za chigayo zikukwera kuchoka pa K1,500,000 kufika pa K3,000,000. Zikukwera chifukwa makasitomala azichuluka, kapena chifukwa mwaikamo zoti mtengo wogayitsa uzikwera chaka ndi chaka? Ngati manambala a njinga ali pa mitengo ya lero, pamene a chigayo muli kale kukwera kwa mitengo, mukuyerekeza zinthu zosiyana. Tinene kuti munaikamo kukwera kwa 10 peresenti pachaka. Gawani 1.32 ndi 1.10, mupeza 1.20. Chigayo chatsika kufika pa 20 peresenti, ndipo njinga zadutsa. Kuno kwathu zimenezi si nkhani yaing'ono. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inathamanga kwambiri chaka chotsatiracho. Choncho mabizinesi onse awiri muwalembe pa mitengo ya lero, kapena onse awiri muwaikire kukwera kwa mitengo, pa zolowa ndi zotuluka zomwe.

Nkhani yomweyi imakhudzanso nambala imene muyerekeze nayo IRR yanu. IRR payokha sinena ngati bizinesi ndi yabwino. Muyenera kuiika pambali pa mtengo wa ndalamayo. Kwa inu, popeza ndi penshoni, mtengowo ndi chiwongoladzanja chimene banki ingakupatseni mutangoisungitsa kwa chaka osaikhudza. Pitani mukafunse nambala ya lero. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki zimakhala pamwamba pa chiwongoladzanja cha Reserve Bank. Koma chiwongoladzanja cha kubanki chili ndi kukwera kwa mitengo mkati mwake, ndiye muchiyerekeze ndi IRR imene nayonso mwaiikira kukwera kwa mitengo. Kwa owerenga ena amene akuganiza zoyamba izi ndi ndalama ya banki mkhonde: 10 peresenti pamwezi ndi 120 pachaka ngakhale muzilipira mokhulupirika mwezi uliwonse. Palibe njinga kapena chigayo cha pa pepalali chimene chingasenze zimenezo.

Tinene kuti manambala anu onse ali pa mitengo ya lero, ndipo 32 ndi 25 aima. Kusiyana kwa 7 kumeneku n'kolimba bwanji? Ndinayesa kukankha. Pachigayo ndinachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama ya chaka chilichonse, osakhudza mtengo wogulitsira makina, kuyerekeza kuti magetsi azimazima, mota yapsa kamodzi, kapena kwagwa chilala ngati cha 2024 pamene chimanga chinachepa m'maboma ambiri. IRR inatsika kufika pa 23, ndipo mpamba unabwerera pa zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Yatsika pansi pa ya njinga, koma bizinesi ikadali ndi moyo. Kenako ndinakankha njinga: imodzi yabedwa, kapena yaphwanyika pangozi, kumapeto kwa chaka choyamba, inshuwalansi osalipira. Zaka zotsalazo zibweretsa K1,400,000 ndi K1,000,000. Zonse pamodzi ndi K6,400,000, ndipo IRR igwa kufika pa 4 peresenti. Chigayo chimadwala pang'onopang'ono mukuona. Njinga imatha kutha usiku umodzi. Musanagule, funsani bwino ngati inshuwalansi imene mwawerengerayo imalipira njinga ikabedwa, chifukwa yotchipa ija imangolipira munthu amene mwamugunda.

Palinso zaka. Njinga zikutha pa zaka zitatu, chigayo zisanu. 25 peresenti ya njinga ikugwira pa ndalama imene ikubwerera msanga, moti chaka choyamba chikatha mbali yaikulu ya mpamba ili kale m'manja mwanu ndipo yasiya kubereka. Ngati muzigula nayo njinga zina, zili bwino, ngakhale kuti njinga zimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Ngati ipita ku fizi, maliro ndi malata a kumudzi, monga ndalama ya m'manja imachitira m'mabanja athu ambiri, ndiye pofika chaka chachinayi mulibe njinga, mulibenso mpamba.

Apa mungaganize kuti ndawataya achimwene anu. Ayi. Nambala yawo ya miyezi 32 ndi imene ikuuzeni ngati 32 peresenti ya mwana wanu ingatheke. Mwati malo ndi a lendi. Phindu lalikulu la chigayo lili m'chaka chachitatu, chachinayi ndi chachisanu. Mwini malo akadzakuuzani pakutha kwa zaka ziwiri kuti akufuna kumangapo nyumba, mudzakhala mutatolera K4,000,000 yokha, mutatsala ndi makina oti muzule, ndiponso simenti ndi mawaya zimene simungazule. Kompyuta imangokhulupirira kuti zaka zisanu zonse zidzachitika. Nthawi yobwezera mpamba imakuuzani kuti pangano la malo lochepera zaka zitatu ndi kutaya ndalama mukuona.

Chinanso ndi magetsi. Chigayo chenicheni chimafuna magetsi a thiri fezi. Ngati pamalopo palibe, mtengo wokokera sunalowe mu K6,000,000 yanu, ndipo mwezi uliwonse wodikira muzilipira lendi makina atangokhala. Onaninso ngati mu ndalamayo muli chokonolera. Amayi ambiri a m'tauni amafuna kukonola ndi kugaya pamalo amodzi, ndipo madeya otsalira amagulidwa ndi oweta nkhumba ndi nkhuku. Popanda chokonolera, K3,000,000 pachaka ndikuikayikira. Ndipo ngati inuyo ndi amene muzikhala pachigayo kulandira ndalama, dzilembereni malipiro a mwezi ndi kuwachotsa pa phindu, apo ayi IRR ikuwerengera thukuta lanu ngati kubereka kwa mpamba.

Ndikanakhala ine, Mayi, ndikanasankha chigayo, koma pokhapokha zinthu zitatu zitatheka: mwini malo asaine pangano la zaka zisanu pamaso pa mboni, thiri fezi ikhale ilipo kale pamalopo, ndipo inu muthe kudya chaka choyamba osadalira chigayocho, chifukwa K1,500,000 ndi K125,000 yokha pamwezi ndipo lamba kapena sefa zikatha zitenga pomwepo. Chimodzi mwa zitatuzi chikakanika, gulani njinga imodzi kaye osati ziwiri, K3,000,000 inayo muisungitse kubanki, muone kwa miyezi isanu ndi umodzi ngati mnyamata akubweretsadi pafupifupi K167,000 pamwezi imene pepala lanu likuyembekezera pa njinga iliyonse mukachotsa zokonzetsa.